Kodi ntchito yolembayi ndiitchule bwanji mtengo?

Moni nonse. Kampani ina ikufuna ndiilembere nkhani 6 zofotokoza malonda ake, iliyonse ya mawu 800, koma ndasowa matchulidwe a mtengo.

Kulipiritsa pa liwu ndinayesapo. Kumandipweteka chifukwa kufufuza ndi kufunsa anthu mafunso sikuwerengedwa, ndipo nkhani ikafupikitsidwa ndalama zimatsikanso. Nditatchula za pa ola, iwo anakana, akuti sangadziwe kuti ndalama zonse zikwana zingati.

Pano ndikuganiza zotchula mtengo wa ntchito yonse: nkhani imodzi imanditengera maola 5, onse pamodzi 30. Chikundiopsa ndi kubwezedwabwezedwa kuti ndikonzenso, poti oivomereza alipo atatu.

Inu mumalola kukonza kangati musanawonjezere mtengo? Nanga ya chikole mumatenga theka musanayambe?