Zotsatira ndi bajeti pa kalata yofunsira thandizo la achinyamata

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo kagulu kathu kakufuna kuphunzitsa achinyamata 40 kusoka ndi ukalipentala kwa miyezi 6. Bungwe lina lothandiza linati tiyambe tatumiza kalata yachidule ya masamba awiri yofotokoza ganizo lathu, koma yabwezedwa kawiri.

Akuti pa zotsatira tinalemba zochita chabe. Ife tinati "achinyamata 40 aphunzitsidwa", iwo akufuna kuona chimene chisinthe pa moyo wawo. Ndinakonza kuti "achinyamata 25 azidzapeza ndalama ndi luso lawo", akutinso tidzadziwa bwanji, poti ambiri kuno amasokera pakhonde, salemba malisiti. Ndafunsa mnzanga wa ku Tete amene analembapo zotere, koma zake zinali za ulimi.

Bajeti nayo yandizunguza. Ndinaika mameticali 600,000 pamodzi, m'menemo muli makina osokera 10, zipangizo, malipiro a aphunzitsi awiri ndi lendi. Makinawo timagula ku Dedza pa makwacha, ndiye mtengo umasinthasintha.

Kodi zotsatira zotere mumaziyeza bwanji, ndipo pakapita miyezi ingati maphunziro atatha? Nanga bajeti yachidule ndiigawe m'mizere ingati, ndipo kusintha kwa ndalamaku ndikuonetse pati?