Chaputala cha wophunzira wanga chikungondandalika mfundo, ndiyambire pati?

Supavaiza watsopano

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuyang'anira wophunzira wa masitazi amene akufufuza zifukwa zomwe odwala matenda othamanga magazi amasiyira kumwa mankhwala. Kuwerenga wawerenga ndithu. Koma chaputala chachiwiri cha dizeteshoni yake, chounika zimene ena analemba kale, chikungokhala mndandanda. Nayi ndime imodzi, m'malo mwa mayina a ofufuza ndaikamo malembo:

"A anapeza kuti odwala okhala kutali ndi chipatala amasiya mankhwala. B anapeza kuti ena amasiya chifukwa mankhwala amawachititsa chizungulire. C anapeza kuti ndalama zoyendera zimawavuta. D anapeza kuti ena amasiya akayamba kumva bwino. E anapeza kuti okhala pafupi ndi chipatala nawonso amasiya."

Masamba 20 onse akuyenda chonchi. Nditamuuza kuti alumikize mfundo zake, wabweza atangoika "Komanso" ndi "Kuonjezera apo" kumayambiriro kwa ziganizo. Ndimuuze chiyani choti akachite ndi manja ake, osati kungomuuza kuti zolembazo sizikuyenda bwino?

Wokonza zolemba

Achemwali, vuto ndi loti mnyamatayo akudziwa mawu olumikizira awiri okha. Mupatseni tsamba la mawu amenewa litagawidwa monga mwa ntchito yake. Otsutsa ndi "koma", "komabe", "ngakhale zili choncho". Osonyeza zotsatira ndi "choncho", "n'chifukwa chake". Opereka chitsanzo ndi ena. Akakhala ndi ambiri, asiya kubwereza "komanso". Ine makasitomala anga ndimawapatsa tsamba limeneli ndipo zolemba zawo zimasalala.

Mphunzitsi wopuma

Tsamba limenelo n'labwino, bambo, koma likubwera msanga. Mawu olumikizira amanena ubale umene ulipo pakati pa mfundo ziwiri, ndipo wophunzirayu sanaganize kuti ubalewo ndi wotani. "Komanso" amamukomera chifukwa samufunsa kanthu. Mungayese chonchi: sinthani malo a ziganizo zisanu zija, E akhale poyamba, A pomaliza. Palibe chimene chaonongeka. Ndime imene ziganizo zake mungazisakanize popanda kutaya tanthauzo ndi ndime imene ilibe mfundo yakeyake.

Ndiye mayi, musayambe ndi kulemba. Khalani naye pansi, asindikize chaputalacho, ndipo m'mphepete mwa ndime iliyonse alembe zinthu ziwiri. Choyamba, ndimeyi ikukamba za chiyani. Chachiwiri, ikunena kuti chiyani za chinthucho. Choyambacho adzayankha mosavuta: "zifukwa zosiyira mankhwala". Pachachiwiri adzakakamira, ndipo pokakamirapo m'pamene pali ntchito.

Tiyeni tione ndime mwatumizayi. A ndi C akukamba chinthu chimodzi, kuvuta kwa ulendo wokatenga mankhwala. B ndi D akukamba china, mmene wodwala akumvera m'thupi. E sakuonjezera pa A, akumuchepetsa mphamvu. Ndiye kuti muli ndime ziwiri zimene zapanikizidwa pamodzi. Yoyamba ingayambe motere:

"Ofufuza angapo amati odwala amasiya mankhwala chifukwa chovutika kufika kuchipatala, koma chifukwa chimenechi sichifotokoza onse amene amasiya."

Kenako A abwere ndi mtunda. C atsatire ndi ndalama zoyendera, zomwe ndi njira imene mtundawo umapwetekera wodwala. E atseke. Apa "komabe" wa patsogolo pa E wabwera yekha, palibe wamukakamiza. Ndime yachiwiri itenge pamene yoyamba yasiyira:

"Ngati okhala pafupi ndi chipatala nawonso amasiya, chifukwa china chiyenera kufunidwa m'mene wodwala akumvera m'thupi mwake."

Theka loyamba la chiganizochi likubwereza zimene wowerenga wangomva kumene, theka lachiwiri likumupatsa zatsopano. Kulumikiza ndime kwenikweni n'kumeneku, ndipo mulibe "kuonjezera apo". M'katimo B ndi D akusiyana mochititsa chidwi: wina akusiya chifukwa mankhwala akumumvetsa kuipa, wina chifukwa sakumvanso kudwala. Wophunzirayo akachiona chimenechi, wayamba kuunika.

Wa ku laibulale

Ngati vuto ndi mndandanda, bwanji osangouika m'tebulo? Dzina la wofufuza, chaka, njira yofufuzira, zimene anapeza. Komanso aike timitu ting'onoting'ono pogwiritsa ntchito Heading 2 ndi Heading 3 mu Word. Akatsegula Navigation Pane aona dongosolo lonse kumanzereko.

Supavaiza watsopano

Zikomo achimwene, koma timitu ali nato kale, tambirinso. Pansi pa kamutu kalikonse mndandanda uja ukungoyambiranso. Tebulo lokha ndalikonda, lingamuthandize pogawa ofufuzawo m'magulu asanalembe.

Aphunzitsi, ndamva. Koma chiganizo chotsogolera ndime iye amati ali nacho. Ndime ija imayamba ndi "Pali zifukwa zambiri zimene odwala amasiyira mankhwala." Ndinangochichotsa potumiza.

Mphunzitsi wopuma

Mwachita bwino kuchitchula, chifukwa ophunzira ambiri amathera pamenepo. Chiganizo chimenecho chikutchula nkhani koma sichikunena kanthu. Funsani kuti, kodi munthu wanzeru angachitsutse? Ndani angakane kuti zifukwa n'zambiri? Pamene chija chakuti mtunda sufotokoza onse, wina angathe kuchikana, ndipo ndime yonse imakhala ndi ntchito yochiteteza. Chizindikiro china n'chakuti chiganizo chofooka chingakhale pamwamba pa ndime ina iliyonse ya chaputalacho.

Akamaliza kulemba ziganizo zotsogolerazi, azikopere zokhazokha mu fayilo ina, chimodzi pansi pa chinzake, n'kukuwerengerani mokweza. Ziyenera kumveka ngati chidule cha chaputala, chofika pa mpata umene kafukufuku wake akudzautseka. Pamene mwadabwa kuti tafika bwanji apa, ndiye kuti ndime yasochera kapena ina ikusowa. Ziganizo ziwiri zikanena chimodzimodzi, ndimezo ziphatikizidwe. Chinanso, mayina a ofufuza achepe kumayambiriro kwa ziganizo. Chiganizo chikayamba ndi mfundo, dzina n'kupita kumapeto, ofufuza awiri ogwirizana amalowa m'chiganizo chimodzi ndipo masamba 20 aja amatsika okha.

Wa sayansi ya m'labu

Ine ndikayikako pang'ono. Kwathu kuno chaputala cha zotsatira chimayenera kukhala chouma: tinayeza ichi, tinapeza ichi. Wophunzira wanga wina atauzidwa kuti ndime iliyonse iyambe ndi mfundo yoti munthu angaitsutse, anayamba kumasulira zotsatira asanazipereke, ndipo woyesa wakunja anamubwezera kuti wasakaniza zotsatira ndi zokambirana. Ndiye lamuloli si la paliponse.

Mphunzitsi wopuma

Zoona, dokotala. Ine ndimanena za chaputala chounika zolemba ndi cha zokambirana. M'zotsatira chiganizo choyamba chinene chimene chapezeka chachikulu, monga kuti gulu loyamba linaposa lachiwiri, manambala atsatire, chifukwa chake chidikire chaputala chotsatira. Chikutsogolerabe, kungoti sichikumasulira.

Wokonza zolemba

Chabwino, tsamba langa lidikire. Koma pali chimene ndimachiona kawirikawiri mfundo zikasanjidwa kale. Wolemba amaika "choncho" pamene palibe chimene chatsatira, kapena "komabe" pamene palibe kutsutsana, pongofuna kuti zimveke zaukatswiri. M'chitsanzo chomwechi, kodi A ndi E anafufuza anthu ofanana? Ngati wina anafunsa okalamba a kumidzi pamaso m'pamaso, wina n'kuwerenga mafayilo a odwala a m'tauni, ndiye kuti "komabe" akulonjeza zoposa zimene mapepalawo akunena. Wophunzirayo abwerere ku mapepala awiriwo asanasankhe mawu. Akapeza kuti anthuwo ndi osiyana, alembe kusiyanako, pakuti nakonso ndi mfundo yoyenera ndime.

Mphunzitsi wopuma

Apo mwalasa, ndipo zikukhudza chiganizo changa chomwe. Ngati E sakugwira, chiganizo chotsogolera chija chisinthe.

Supavaiza watsopano

Nanga zouza wowerenga kumene tikupita? Panopa gawo lililonse amaliyamba ndi "Gawo lino likamba za…" n'kubwereza kamutu kamene kali pamwamba pomwepo.

Mphunzitsi wopuma

Kubwereza kamutu n'kutaya mzere. Kumayambiriro kwa chaputala alembe ziganizo zitatu kapena zinayi zonena magawo ake ndi chifukwa chimene akutsatirana motero. Mwachitsanzo: "Chaputala chino chiyamba ndi zovuta za kufika kuchipatala, chifukwa ndi zimene zafufuzidwa kwambiri. Kenako chiona mmene wodwala amamvera m'thupi, zimene zingafotokoze amene amasiya ali pafupi. Chitha ndi zimene zonse ziwirizi sizinayankhe." Akalonjeza zitatu, zibwere zitatu, m'ndondomeko yomweyo, ndi mawu omwewo. Asalembe "kufika kuchipatala" koyambirira, pakati n'kusintha kukhala "kupezeka kwa chithandizo", chifukwa wowerenga adzaganiza kuti ndi nkhani ina. Ophunzira amaopa kubwereza mawu, koma mawu a mfundo zikuluzikulu ayenera kubwerezedwa. Ndipo ziganizo zolozera njirazi azilembe pomaliza, ndime zitakhazikika, apo ayi zidzalonjeza dongosolo limene lasinthidwa kale.

Kumapeto kwa gawo lalitali, chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chimene chatsimikizika ndi funso limene latsala n'zokwanira. Pa ndime iliyonse ayi.

Wa sayansi ya m'labu

Apa tisiyana. Ine ndikamayesa dizeteshoni sindiwerenga tsiku limodzi, ndimasiya n'kudzapitiriza mawa, nthawi zina ndimayambira pakati. "Gawo lino likamba za…" amandithandiza kudziwa pamene ndili, ngakhale akhale wosakoma. Bola achuluke kusiyana n'kuti ndisochere.

Mphunzitsi wopuma

Ine akachuluka ndimayamba kuwadumpha, ndipo tsiku lina ndidzadumpha ndi chofunika chomwe. Mayi, onani zimene buku la malangizo la dipatimenti yanu likunena, ndiponso madizeteshoni amene anakhoza kumeneko posachedwapa.

Supavaiza watsopano

Ndiona. Chimene chikundivutabe n'chakuti ziganizo ziwiri mwalemba zija n'zabwino moti ndikulakalaka kungomuikira mu Track Changes. Koma ndikatero mfundoyo ikhala yanu, osati yake, ndipo pa tsiku loteteza dizeteshoni adzafunsidwa yekha.

Wokonza zolemba

Ife okonza sitiloledwa n'komwe kufika pamenepo, timangolemba funso m'mphepete. Inu ndinu supavaiza, malire anu ndi otakasukirapo. Ndikanakhala inu ndikanakonza naye ndime imodzi yokhayi, iye akulankhula, inu mukufunsa kuti E akumuyankha chiyani A. Zotsalazo akachite yekha.

Supavaiza watsopano

Ndikumana naye Lachinayi. Ndamuuza abwere ndi chaputala chosindikiza, mapepala a A ndi E, ndi gawo loyamba lokha litalembedwa m'mphepete. Dokotala, chaputala chake cha zotsatira chili ndi mayankho a mafunso apakamwa, osati manambala. Zouma zija zikugwiranso pamenepo, kapena mutu uliwonse wa mayankho uyambe ndi mfundo?