Mtengo wa simenti wakwera pakati pa polojekiti: tisinthe bajeti kapena tilembe fokasiti?

Msungichuma, Limbuli: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Bungwe lathu likumanga zimbudzi pa sukulu ina kuno ku Mulanje ndi thandizo la chaka chimodzi. Mu bajeti tinaika matumba 200 a simenti pa K15,000, zomwe ndi K3,000,000. Tinagula matumba 120 pa mtengo umenewo, koma 80 otsalawo akuti tsopano ndi K22,000 thumba limodzi. Otipatsa thandizo akufuna fokasiti pamodzi ndi lipoti la miyezi isanu ndi umodzi. Kodi akutanthauza kuti tilembenso bajeti? Pa maphunziro a makomiti tagwiritsa ntchito K600,000 yokha mwa K2,000,000.

Bambo a ku Luchenza: Ingokonzani mtengo mu bajetimo, mutapeko ndalama za maphunzirozo. Malamulo amalola kusuntha 10 peresenti.

Mayi owerengera ndalama, Thyolo: Pepani bambo, bajeti musaikhudze, chifukwa ndi mbali ya mgwirizano umene munasainirana, ndipo oditala akadzabwera adzayerekeza malisiti anu ndi bajeti yomweyo. Fokasiti imalembedwa pambali pake, ndipo imanena ndalama zimene mudzakhale mutagwiritsa ntchito pofika kumapeto, potengera mitengo ya lero. Pa simenti mwalipira K1,800,000, ndipo otsalawo adzadya K1,760,000. Zonse ndi K3,560,000, kutanthauza kuti mudzapyola ndi K560,000, pafupifupi 19 peresenti. Malire a 10 peresenti aja amapezekadi m'migwirizano yambiri, koma si yonse, ndipo ngakhale atakhalamo, apa mwawadutsa, choncho mufunika chilolezo cholembedwa musanagule.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi maphunzirowo. Ndalama imene sinatuluke si ndalama yopulumutsidwa. Kodi maphunziro onse anachitika, ndipo palibe amene mukumusungira ngongole?

Msungichuma, Limbuli: Mayi, atsala maphunziro awiri amene tinawaimitsa chifukwa cha mvula, ndipo alionse adzafuna K500,000. Ngongole palibe.

Mayi owerengera ndalama, Thyolo: Ndiye fokasiti ya maphunziro ndi K1,600,000, ndipo yopulumutsidwa ndi K400,000, osati K1,400,000 imene ikuoneka papepala. Mukaipititsa ku simenti, K160,000 ikhala ikusowekabe. Lembani zimenezi poyera, muphatikizepo makotesheni a simenti, kenako mupemphe kusintha bajeti. Akavomera, imeneyo ndiyo idzakhale bajeti yanu yatsopano.

Wapampando wa bungwe lina, Bvumbwe: Onaninso ngati mgwirizano wanu uli m'makwacha kapena m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife wathu unali m'makwacha, ndipo otithandiza anakana kuwonjezera, moti tinachepetsa ntchito.

Msungichuma, Limbuli: Wathu nawonso uli m'makwacha. Nanga pa matumba 80 aja ndiike K22,000 ya lero, kapena ndionjezereko poopa kuti pofika tsiku limene adzatiyankhe mtengo udzakhala utakweranso?