Pempho la upangiri pa bizinesi yosindikiza ntchito za ophunzira anzanga

Moni nonse a m'gulu lino. Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri pa sukulu ya ukachenjede, ndipo ndimapeza ndalama za chakudya potaipa ndi kusindikiza ntchito za anzanga m'chipinda changa.

Ndimagwiritsa ntchito pulinta ya Epson L3110, yothira inki m'matanki. Vuto ndi lakuti kuyambira sabata yatha masamba akutuluka ndi mizere yoyera yopingasa pakati pa zilembo zakuda, moti anzanga awiri anandibwezera mapepala ponena kuti aphunzitsi sangalandire zotere.

Nditachita Nozzle Check, yomwe imasindikiza tsamba loyesera ngati timabowo totulutsa inki tatsekeka, mizere yakuda inatuluka yodukaduka koma mitundu ina ili bwino. Ndatsuka mutu wa pulinta ndi Head Cleaning katatu, ndinaisiya usiku wonse osasindikiza, kenako ndinayesanso, koma zasintha pang'ono chabe. Ndivomereze kuti pa tchuthi inakhala miyezi iwiri osayatsidwa, komanso ndinathiramo inki yotchipa m'malo mwa ya Epson ya nambala 103. Kutsuka kwamphamvu kotchedwa Power Cleaning sindinayese chifukwa imadya inki yambiri ndipo imadzazitsa msanga thonje lomwa inki yotayika.

Tsono ndifunse: kodi apa inki yangouma kumutu wa pulinta, kapena mwalowa mpweya m'timapaipi? Nanga ndiyese Power Cleaning ndisanapite kwa okonza, poganizira kuti sabata yamawa ndi yopereka ntchito ndipo anthu asanu ndi mmodzi andipatsa kale zawo? Amene munakumanapo nazo, chonde ndithandizeni.