Ndingafotokoze bwanji kuti `a^0 = 1` popanda kuzungulira?

Akuluakulu, ndithandizeni njira yofotokozera ophunzira chifukwa chake nambala iliyonse kupatula ziro ikakhala ndi mphamvu ya ziro imapereka 1.

Njira yodziwika ndi lamulo logawa: `a^m ÷ a^n = a^(m-n)`. Tikatenga `5^3 ÷ 5^3`, ndiye kuti 125 tagawa ndi 125, yankho n'kukhala 1. Lamulo lija likupereka `5^(3-3)`, yomwe ndi `5^0`. Ndiye `5^0 = 1`. Ziro timayipatula chifukwa `0^3 ÷ 0^3` n'kugawa ndi ziro, zomwe sizitheka.

Pondivuta ndi apa. Lamuloli timalitsimikiza pofafaniza ma 5 ofanana pamwamba ndi pansi, pamene m akuposa n kotero kuti ena amatsala. Tikaligwiritsa ntchito pomwe m ndi n akufanana, kodi tatsimikiziradi kanthu, kapena tangogwirizana kupatsa `a^0` mtengo wa 1 kuti lamulo lisasweke? Ine ndikuona ngati n'kugwirizana chabe.

Ophunzira ambiri amalembabe `5^0 = 0`, amati ma 5 palibe ndiye palibe chotsala. Kodi kutsika ndi 125, 25, 5, 1, kugawa ndi 5 nthawi iliyonse, kumathetsa maganizo amenewa kuposa lamulo logawa? Inu mumayamba ndi iti?