Kodi chiwongoladzanja n'chopatsa kapena n'chopempha kuti chichotsedwe?

Nangozo_wa_Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa. Kampani ya malume anga yalandira chikalata chochokera ku MRA chonena kuti pali VAT yomwe sinaperekedwe. Alembi a ndalama akonza kalata yovomera kuti msonkho weniweniwo ulipidwa wonse, koma akupempha kuti chiwongoladzanja chokha chichotsedwe. Powafotokozera malume m'Chichewa, anandidula pakamwa. Akuti chiwongoladzanja munthu sapempha kuti amukhululukire, chifukwa ndi chinthu chomwe wobwereka amapereka yekha mwa kufuna kwake. Akuti ndikuononga mawu. Kodi kalekale mawuwa ankatanthauza chiyani? Nanga kalatayi ikupempha chinthu chomveka?

Phiri_Dedza:
Malume anuwo akunena zoona, mayi. Agogo anga akabwereka mtondo kwa anzawo sankaubweza wopanda kanthu. Ankaikamo kambale ka ufa kapena mtedza, n'kunena kuti "kawongoleni dzanja la eni mtondo". Palibe ankawerengera kuti ufawo ukhale wochuluka bwanji. Linali thokozo basi. N'chifukwa chake ine ndikuona kuti kalatayo ili bwino: ngongole mukubweza, thokozolo mukuti manja afupika.

MayiNabanda:
Kwathu ku Mchinji agogo ankawatchula mawuwa pa mzamba ndi pa sing'anga. Dzanja lagwira ntchito, latopa, lapindika, ndiye umapereka nkhuku kuti liwongoke. Ndipo sichinali chongofuna iwe, a Phiri. Ukapanda kupereka, mudzi wonse unkadziwa.

Wowerengera_Limbe:
Za agogo ndisiyira eni ake, ine ndiyankhe za kalatayo, chifukwa pamenepa kampani ikhoza kutaya ndalama.

A Nangozo, yang'anani chikalata cha MRA chija bwinobwino. Kawirikawiri pamakhala ndalama zitatu zosiyana: msonkho weniweni, chindapusa, ndi chiwongoladzanja. Chindapusa ndi chilango cha kulakwa, monga kuchedwa kulipira kapena kutchula ndalama zochepa. Chiwongoladzanja ndi mtengo wa nthawi yomwe ndalama ya boma yagona m'manja mwanu, ndipo chimakulirakulira mpaka msonkho weniweniwo utalipidwa.

Tiyerekeze kuti pachikalatapo palembedwa VAT ya K12,000,000, chindapusa K2,400,000, ndi chiwongoladzanja K5,400,000. Kalata yanu ikangotchula chiwongoladzanja chokha, ndiye kuti ngakhale atakumverani chisoni n'kuchichotsa chonse, K2,400,000 ija ikhalabe pa dzina la kampani. Ofesala sangakuchotsereni chomwe simunapemphe. Ngati malume akufunadi kulipira msonkho weniweni wokha, kalata itchule zinthu ziwirizo, chilichonse ndi ndalama yake. Ngati akudziwa kuti chindapusa alipira, alembe choncho momveka, chifukwa zimenezo zimalimbitsa pempho lawo.

Phiri_Dedza:
Mwaona? Chindapusa ndiye chokakamiza, ngati cha kubwalo kwa mfumu. Chiwongoladzanja ndi thokozo. N'chifukwa chake chimatheka kuchotsedwa.

Wowerengera_Limbe:
Ayi bambo Phiri, pa msonkho zonse ziwiri zimachokera m'lamulo, palibe cha thokozo. Ndipo pa ziwirizi, chovuta kuchotsetsa nthawi zambiri ndi chiwongoladzanjacho, chifukwa boma limaona kuti likungobwezeredwa zomwe lataya podikira. Kuchotsa ndi chisomo cha mkulu wa MRA, si ufulu wa wopempha.

Achimwene_Zomba:
Ine ndinatengapo ngongole kwa munthu wina wa katapila, K50,000 kubweza K75,000 pakutha pa mwezi. Nditapita ndi mkulu wa mpingo kukapepesa anachotsako theka. Ingopitani ndi munthu wamkulu mukalankhule nawo maso ndi maso, makalata amangochedwetsa.

Nangozo_wa_Ntcheu:
Achimwene, iyi si ngongole ya kwa munthu, ndi msonkho wa boma. A Wowerengera, kalatayo ikhale ndi chiyani kwenikweni?

Wowerengera_Limbe:
Kulankhula pakamwa sikusiya umboni, choncho lembani. Kalata ipite kwa mkulu wa MRA, `Commissioner General`, kudzera ku ofesi yomwe imasunga fayilo ya kampaniyo, isainidwe ndi mwini kampani kapena amene analembetsedwa kuti ndiye woimira kampani pa za msonkho. Pamwamba pakhale TPIN, yomwe ndi nambala ya msonkho ya kampaniyo, mtundu wa msonkho, miyezi yomwe ikukhudzidwa, nambala ya chikalata chawo ndi tsiku lomwe chinalembedwa. Kenako ndime yovomera: tikuvomera VAT ya K12,000,000 ya miyezi yakutiyakuti. Ndime yotsatira inene kuti yalipidwa liti, kapena ilipidwa motani, ndi masiku ake enieni, mwachitsanzo K4,000,000 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mawu oti "tilipira msonkho mukatichotsera chiwongoladzanja". Amenewo ndi malonda, si pempho, ndipo msonkho weniweni suchitidwa malonda. Komanso mukamadikira yankho, chiwongoladzanja sichiima. Tiyerekeze kuti chikuwerengedwa pa 30 peresenti pachaka. Pa K12,000,000 ndiye K3,600,000 pachaka, kutanthauza K300,000 mwezi uliwonse. Kalata ikakhala miyezi inayi osayankhidwa inu musanalipire kanthu, mwaonjezera K1,200,000 pa ngongole yomwe mukupempha kuti ichepe. Njira yabwino ndi kulipira kaye msonkho weniweniwo, kapena gawo lake lalikulu, n'kumata risiti ya kubanki pa kalatayo.

Potenga PRN, nambala yolipirira msonkho, pa webusaiti ya MRA ya Msonkho Online, onetsetsani kuti mwasankha mtundu woyenera wa msonkho ndi mwezi wake. Ndalama ikalowa pa mwezi wolakwika, m'mabuku mwawo mwezi wakalewo uonekabe wosalipidwa. M'kalatamo lembaninso kuti ndalama mwaperekayo ndi ya msonkho weniweni, ndipo pakapita masiku angapo lowani muone kuti yachotsedwa pa chiyani.

MayiNabanda:
Pamenepa mpamene agogo ankati mlandu suwola. Koma a Wowerengera, chifukwa chomwe angalembe n'chiyani? Aliyense anganene kuti ndalama zinavuta.

Wowerengera_Limbe:
Funso labwino, mayi. "Bizinesi sinkayenda" si chifukwa chokwanira, makamaka pa VAT, PAYE ndi msonkho womwe kampani imadula polipira ena. Ndalama zimenezo si za kampani, imangotolerera boma. Ukanena kuti unazigwiritsa ntchito polipira lendi, wadziulula wekha.

Chifukwa chomwe chimamveka ndi chomwe chili ndi mapepala ndipo sichinali m'manja mwanu. Mwachitsanzo, VAT imayenera kulipidwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, kutengera invoisi yomwe mwalemba, kaya wogulayo wakulipirani kapena ayi. Ndiye ngati kampani inapereka katundu, n'kulemba invoisi, wogula n'kukhala chaka chathunthu osalipira, matani invoisiyo, makalata omwe munkakumbutsa nawo, ndi sitetimenti ya kubanki yoonetsa tsiku lomwe ndalama inalowa. Sizifafaniza mlandu, koma zimaonetsa kuti ndalamayo simunaidye. Ngati zaka zam'mbuyo munkapereka mafomu ndi msonkho pa nthawi yake, nenani zimenezo, ndipo tchulani zomwe mwakonza kuti zisachitikenso.

Mbewe_Kasungu:
Musavutike ndi zonsezi. MRA imachotsa yokha chiwongoladzanja ndi chindapusa ukangovomera msonkho. Zinalengezedwa pa wailesi.

Wowerengera_Limbe:
A Mbewe, mukukumbukira za 2020, nthawi ya Covid-19, pomwe anatsegula mwayi wa miyezi yowerengeka woti amene abwera okha kudzalipira msonkho weniweni akhululukiridwe zinazo. Unali mwayi wokhala ndi tsiku lotsekera. Kunja kwa mwayi wotero, pempho lililonse limaunikidwa palokha, ndipo akhoza kukana, kapena kuchotsako gawo chabe.

Chinthu china chomwe ndikufuna a Nangozo awauze malume asanasaine: kalata yopemphayi si kalata yotsutsa. Ngati akuona kuti K12,000,000 ija yawerengedwa molakwika, mwina pali mainvoisi a zogula omwe ofufuza mabuku a ku MRA sanawaone, njira yake ndi kutsutsa molemba pasanathe masiku 30. Masikuwo saima chifukwa choti mwalemba kalata yopepesa. Mukavomera ndalama yonse ndi siginecha yanu, masiku n'kutha, kudzabwereranso kukati "tinalakwitsa" kumakhala kovuta kwambiri. Choncho yambani mwakhala pansi ndi mabuku. Ngati mukuvomera K9,000,000 yokha, lipirani imeneyo, tsutsani K3,000,000 yotsalayo m'kalata yakeyake, osaphatikiza ndi pempho lija.

Phiri_Dedza:
Zonsezo ndamva ndipo ndi nzeru. Koma pa mawu ndiye sindisuntha. Anthu a mabanki ndi a boma anangotola mawu a thokozo n'kuwaveka pa chinthu chokakamiza. Dzina lake lenileni chimenecho ndi katapila. Agogo akanamva kuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mwezi akanadabwa.

MayiNabanda:
Katapila ndi wa munthu wodyera mnzake masuku pamutu, bambo, simungalembe zimenezo m'kalata yopita ku boma. Ndipo ndanena kale kuti ngakhale kumudzi nkhuku ya mzamba inali yosathawika.

Gogo_Chisale:
Inu mukulimbana bola mukuwadziwa mawuwo. Adzukulu anga sanena n'komwe chiwongoladzanja. Amati intelesiti. Chindapusa amati penote. Ndalama amati dola ngakhale ili kwacha. Tsiku lina mmodzi anandifunsa ngati mpamba ndi dzina la mudzi. Mpamba, ndalama yoyambira geni!

Achimwene_Zomba:
Agogo, mawuwo ndi aatali. Pa foni kulemba chiwongoladzanja chala chimatopa.

Gogo_Chisale:
Chala chimatopa ndi Chichewa chokha? Pa wailesi owerenga nkhani amawatchula tsiku ndi tsiku osapunthwa lilime. Vuto ndi makolo amene amayankhula ndi ana awo Chingerezi chodukaduka kunyumba.

Phiri_Dedza:
Ndiye mfundo yanga imeneyo, agogo. Ana asiya mawuwa chifukwa akuluakulu anayamba kuwapotoza. Likanakhalabe thokozo bwenzi akuwadziwa.

Nangozo_wa_Ntcheu:
Zikomo nonse. Malume ndawawerengera, agwirizana ndi a Phiri pa mawu, koma avomera kuti kalata ilembedwenso, chindapusa chitchulidwe, ndipo mabuku aonedwe kaye. A Wowerengera, funso lomaliza: tikakapereka kalatayo, tidziwa bwanji kuti zatheka?

Wowerengera_Limbe:
Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku lomwe alandira, muisunge. Ofesala akakuuzani pakamwa kuti "zatheka", pemphani kalata, kenako onani pa Msonkho Online ngati ndalamayo yachokadi, chifukwa ikatsalira m'mabuku idzakutsekerezani tsiku lomwe mukufuna satifiketi yoonetsa kuti mulibe ngongole ya msonkho. Ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, musaphonye ngakhale mwezi umodzi, ndipo VAT ya miyezi yatsopano izipitabe pa nthawi yake.

MayiNabanda:
A Phiri, mukafunse aliyense wa ku Mchinji za nkhuku ija. Kapena kwanu ku Dedza azamba ankagwira ntchito yaulere?