Za K500 ya chaji ya banki: uthengawu usanatumizidwe kwa obwereka

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. A Msungichuma alemba uthenga wopita kwa onse amene ali ndi ngongole m'gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo anthu angapo andiimbira kale atangomva mphekesera. Uthengawo ndi uwu: "Kuyambira mawa aliyense wobweza ngongole pa foni awonjezere K500 ya chaji ya banki. Wosawonjezera ndalama yake siilembedwa m'buku." Tisanautumize tiyeni tiuone kaye pano.

Msungichuma: Ine sindinangopeka K500 imeneyo, amayi. Sitetimenti ya miyezi itatu ili m'manja mwangamu. Banki yatidula K18,700 yonse pamodzi, ndipo olipira pa foni analipira ka 40. Mukagawa ikubwera K467 ndi kakobiri, ndiye ndinangoikwezera ku K500 kuti isavute kuwerengera.

Mlembi: Masamuwo ndi olondola a Msungichuma, koma K18,700 imeneyo si chaji imodzi. Sitetimenti yomweyo ndinaiona pa msonkhano. Muli zinthu zitatu. Pali ya mwezi ndi mwezi yosungira akaunti, K1,500 katatu, ndiye K4,500. Pali yotapira ndalama, K700 kasanu ndi kamodzi, ndiye K4,200. Yotsalayo, K10,000, ndi imene banki imadula ndalama ikalowa kuchokera pa foni. Wolipira pa foni amayambitsa yachitatuyo basi. Ziwiri zoyambazo banki ikanatidulabe ngakhale tonse tikanabwera ndi ndalama m'manja. Ndiye tikamuuza kuti K500 yonse ndi chaji ya kulipira kwake, tikumusenzetsa K8,700 ya gulu lonse osamuuza.

Wosunga kiyi wachiwiri: Pepani, ine ndiye ndasokonezeka. Ndikamatumiza ndalama foni imandidula kale pompo. Ndiye mukuti ndilipirenso kachiwiri chinthu chomwecho?

Mlembi: Ayi asisi, ndi ziwiri zosiyana. Imene mukuiona pa foni panu imapita ku kampani ya foni, gulu silikhudzidwa nayo. Iyi ikudulidwa mbali yathu, pa akaunti ya gulu. Mukatumiza K20,000, ku akaunti kumatsala K19,800. Koma funso lanulo likuonetsa kale vuto la uthengawu. Ngati inu a m'komiti mwaumva choncho, wobwereka wamba aganiza kuti tikumudya kawiri. Uthenga unene poyera kuti ndi chaji iti.

Wowerengera ndalama: Vuto ndi chaji yofanana kwa aliyense. Wobweza K10,000 ukamudula K500 wamudula 5 pa 100 iliyonse, pomwe wobweza K100,000 wangotaya theka la 1 pa 100. Wosauka ndiye akulira. Tingoika 1 pa 100 kwa aliyense, nkhani yatha.

Msungichuma: Pamenepo ndikana. Banki sikutidula motero. Pa sitetimenti, malipiro 30 amene anali osapitirira K50,000 anadulidwa K200 lililonse, ndipo 10 opitirira pamenepo anadulidwa K400. Ndi 1 pa 100 yanuyo, wa K10,000 apereka K100 pomwe banki yatenga K200, wa K100,000 apereka K1,000 pomwe banki yatenga K400. Wa K1,000 uja akadzapempha sitetimenti ndidzamuyankha chiyani?

Mlembi: Apo a Msungichuma mwanena zoona, ndipo yankho mwalipereka nokha. Chimene banki yadula ndi chimene tipemphe, K200 kapena K400, osawonjezera ngakhale tambala. Munthu akaona kuti nambala ya mu uthenga ndi yomweyo ili pa pepala la banki, mkangano umachepa. K500 ija pa malipiro 40 ikanabweretsa K20,000. K1,300 yapamwambayo ikanalembedwa pati m'buku? Kandalama kopanda mzere wake m'buku ndi kamene kamayambanitsa anthu tsiku logawana.

Msungichuma: Chabwino, nanga K8,700 yotsalayo ituluka m'thumba mwa ndani?

Wapampando: Ya mwezi ndi mwezi ichoke pa chiwongola dzanja tisanagawane. Akaunti imasunga ndalama za tonse, obwereka ndi osabwereka omwe. Ikachoka pa phindu, wa masheya ambiri ndiye wataya zambiri, ndipo n'zoyenera chifukwa ndalama zake ndi zimene zadzaza akauntiyo. Thumba la chithandizo cha mavuto tisaligwire, lili ndi ntchito yake.

Wowerengera ndalama: Ya mwezi ndavomera. Koma yotapira ija timatapa kuti tibwereketse. Ine chaka chino sindinabwereke, ndilipirirenji K700 yoti wina alandire ngongole?

Mlembi: Chiwongola dzanja chimene mudzagawane nacho chikuchokera kwa obwereka omwewo, achimwene. Komanso tikatapa kamodzi timabwereketsa anthu asanu kapena asanu ndi awiri. Ndani wayambitsa K700 imeneyo?

Wowerengera ndalama: Onsewo. Agawane.

Wapampando: Imeneyo tikavotere pa msonkhano, isalowe mu uthengawu. Tibwerere ku mawu. Ine chimene chandiwawa kwambiri ndi "kuyambira mawa" ndi "siilembedwa m'buku". Munthu watumiza K20,000 yake, umboni uli pa foni pake, iwe n'kumuuza kuti sunalembe? Ndalama yalowa ilembedwe yonse monga watumizira. Chaji ikhale pa mzere wakewake, ndipo akaiwala adzapereke pa msonkhano wotsatira popanda chindapusa kapena chiwongola dzanja pamwamba pake.

Msungichuma: Ndinalemba mwaukali chifukwa buku ndi akaunti zimasiyana mwezi uliwonse, ndipo anthu amayang'ana ine. Buku likuti K20,000, banki ikuti K19,800.

Mlembi: Mpake kukwiya, koma mzere wa chaji ukakhalapo kusiyanako kudzaoneka komwe kwachokera. Ndayesa kulembanso, onani:

"Okondedwa mamembala, mukabweza ngongole pa foni, banki imadula gulu K200 ngati ndalamayo siinapitirire K50,000, ndi K400 ikapitirira. Pa miyezi itatu yapitayi zimenezi zakwana K10,000, ndipo gulu lakhala likulipira lokha. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, tikupempha kuti wolipira pa foni awonjezere ndalama yomweyo imene banki imadula. Gulu silitengapo kanthu. Iyi ndi yosiyana ndi imene kampani ya foni imakudulani potumiza. Wobweretsa ndalama m'manja pa msonkhano salipira chaji imeneyi. Sitetimenti ya banki idzakhala pa tebulo pa msonkhano uliwonse, ndipo banki ikasintha chaji tidzakuuzani musanalipire."

Ndaika chifukwa patsogolo, pempho pambuyo, kuti munthu asakumane ndi nambala asanamve komwe yachokera. Ndapewanso kunena kuti "banki yatilamula", chifukwa banki sinalamule zoti tidule obwereka, ndi ife tasankha.

Wosunga kiyi wachiwiri: Tsopano ndamva. Muwonjezerepo kuti chaji ndi ya ulendo uliwonse wotumiza. Wobweza K40,000 pang'onopang'ono kanayi apereka K800, wotumiza kamodzi K200. Ambiri sadziwa zimenezo.

Msungichuma: Ndiwonjezera. Koma amene ali kutali, oti sangafike pa msonkhano ndi ndalama m'manja, anena kuti njira yaulereyo si yawo.

Wowerengera ndalama: Nanga amene anabwereka kale? Posaina sanauzidwe za chaji iliyonse. Ine ndikuti iyambe pa ngongole zatsopano zokha.

Msungichuma: Ndiye mpaka ngongole zakalezo zithe, miyezi itatu inanso gulu likulipira lokha.

Wapampando: Ziwirizo, za ngongole zakale ndi K700 ija, zidikire Lachisanu. A Mlembi, uthengawo musautumize kaye. Bwerani nawo wolemba papepala pamodzi ndi buku la malamulo a gulu, tione ngati muli mzere wotilola kuika chaji yatsopano pakati pa chaka. A Msungichuma musaiwale sitetimenti.